Mawu a paukwati: chimwemwe chilichonse chili ndi mpando wake

"Achimwene anga akukwatira mwezi wamawa ndipo akubanja andisankha kuti ndidzalankhule kuholo. Andipatsa mphindi ziwiri zokha. Ndikalemba, mzere uliwonse ukungotuluka 'ndasangalala' ndi 'Mulungu akudalitseni'. Ndithandizeni mawu ena achimwemwe ndi madalitso, komanso chitsanzo chachifupi. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono."

Achemwali, mphindi ziwiri pamaikolofoni ndi mawu osapitirira 150. Mawu a Chichewa ndi aatali, holo imabweza mawu, ndipo amayi akayamba nthungululu muyenera kuima kaye mpaka atsirize. Mukapitirira apo, woyendetsa mwambo ayamba kukuyandikirani chifukwa maso ake ali pa perekaniperekani.

Mankhwala a vuto lanu si kuunjika mawu ofanana. Munthu akati "ndili ndi chimwemwe, chisangalalo ndi chikondwerero" mpweya umodzi, anthu amamva ngati akuwerenga mndandanda wa m'kalasi. Mawuwa ndi apachibale koma si amodzi, ndipo lililonse limakoma likakhala pa chinthu chake.

Chisangalalo ndi chooneka ndi maso: kuvina, phokoso, anthu kuponya ndalama m'lichero. Muchigwiritse ntchito poloza zimene zikuchitika muholomo. Samalani ndi kuchulukitsa kwake, chifukwa "zisangalalo" ambiri amamva zokondweretsa za dziko, zimene abusa amadzudzula paguwa. Kukondwa kumafuna chifukwa: munthu amakondwa ndi chinthu chakutichakuti, choncho mukanena "takondwa" nenaninso chimene chakukondweretsani. Chikondwerero ndi mwambo weniweniwo, tsikulo, osati za mumtima. Simunganene kuti "ndili ndi chikondwerero". Msangala ndi khalidwe la munthu wolandira anzake ndi nkhope yowala, ndiye ndi liwu loyamikirira mkwatibwi, osati lonenera za inu. Chimwemwe ndicho chakuya pa onsewa, chimene chimatsala nyimbo zikazima. Musachiwononge m'chiganizo choyamba. Chisungeni, chidzatuluke kamodzi kokha pachimake, ndipo pamenepo mukhoza kuchiveka chovala chake chodziwika, "chodzaza tsaya".

Pali mawu awiri amene amagwetsa anthu. Kunyadira munthu ndi kwabwino, koma mukataya "-ira" n'kunena kuti "achimwene ndi onyada" mwawatukwana kuti ndi odzikuza. Liwu linalo ndi kusekerera. Kumatanthauza kumwetulira mokondwa, inde, komanso kumatanthauza kulekerera cholakwa, monga timanenera kuti "akusekerera mwana wakuba". Paukwati ingonenani kumwetulira.

Kumbali ya madalitso nkhani yaikulu ndi yakuti ndani ali ndi mphamvu yodalitsa. Kwathu kuno dalitso limatsika kuchokera kumwamba: Mulungu, makolo, agogo, malume. Inu ndinu wamng'ono kwa mkwati, choncho "ndikukudalitsani" sakukhalani pakamwa, ndipo akuluakulu adzayang'anana. Chanu ndi mafuno: "tikukufunirani", kapena kupempha kuti Chauta achite. Kenaka dalitsolo muligawe m'zigawo zogwirika. Mtendere ndi wa m'nyumba. Mwayi ndi wa pantchito ndi pamalonda. Chisomo ndi cha pa tsiku limene wina walakwira mnzake. Kugona kutali ndi moto ndi thanzi, pakuti wodwala ndiye amagonekedwa pafupi ndi moto. Odala ndi liwu lolemera, lomveka kutchalitchi, loyenera kutsekera.

Liwu la mwayi likufuna diso. Mukanena kuti "alamu, mwachita mwayi kupeza achimwene", akuchikazi adzamva kuti mwana wawo watoledwa. N'chimodzimodzi ndi mphumi. Mwayi muufunire onse awiri pa zimene zikubwera, osati kuuika pa mmodzi. Liwu lina ndi mphatso, limene m'banja limatanthauza ana. Ine ndimalangiza achinyamata kuti alisiyire akuluakulu. Simudziwa zimene awiriwo adzakumane nazo, ndipo kanema wa ukwati amaonedwa zaka zambiri. Mawu oti "chaka chamawa tidzaone mphatso" akhoza kudzakhala munga.

Nachi chitsanzo:

"Zikomo akuluakulu nonse, makolo a mbali zonse ziwiri, ankhoswe athu, abale ndi alendo. Ndaima pano m'malo mwa ana a m'nyumba imene achimwene anakulira.

Taonani chisangalalo chili muno! Amayi athu sanakhale pansi chiyambire m'mawa, mawu achita kusasa ndi nthungululu. Ife akuchimuna takondwa, ndipo chatikondweretsa ndi inu, alamu. Tsiku loyamba kufika kwathu, msangala wanu unatigwira tonse, ngakhale agogo amene sachedwa kuona cholakwa. Achimwene, tikukunyadirani. Munatilipirira sukulu musanaganize za inu eni. Lero nkhope yanu ili ngwee, ndipo mitima yathu yakhala pansi. Chimwemwe chathu ndi chodzaza tsaya.

Tsono mafuno athu ndi awa. M'nyumba mwanu mukhale mtendere, woti mlendo aziumva asanapatsidwe mpando. Pa ntchito za manja anu pakhale mwayi. Tsiku lovuta likafika, chisomo chikukwanireni kuti mukhululukirane. Muzigona kutali ndi moto. Chauta akudalitseni polowa ndi potuluka, mukhale odala mpaka imvi mbuu! Amayi, nthungululuzo zimveke!"

Onani mmene mawuwo akuyendera. Ayamba ndi zimene aliyense akuona, alowa kwa mkwatibwi, apita kwa mkwati, kenaka mumtima, ndipo pomaliza ayang'ana kutsogolo. Liwu lililonse lachimwemwe labwera kamodzi, ndipo lili ndi kanthu kolichirikiza: chisangalalo chili ndi amayi osasa mawu, kunyadira kuli ndi fizi ya sukulu. Ziganizo ziwiri zija, cha tsiku loyamba la alamu ndi cha sukulu, ndi zongogwirizira malo. Muzichotse, muikepo zoona za kwanu, chifukwa achibale adzazindikira msanga ngati mwakongoletsa nkhani. Sankhani zimene achimwene sangachite nazo manyazi pamaso pa apongozi awo, ndipo za zibwenzi zakale zisayandikire n'komwe.

Ndayamba ndi mkwatibwi mwadala. Wolankhula wa kuchimuna akatha nthawi yonse akutamanda mbale wake, mbali inayo imazizira, ndipo mudzaona nthungululu zikuchokera ngodya imodzi yokha ya holo. Ankhoswe musawaiwale m'malonje. Ndiwo anayenda maulendo onse kufikira pa chinkhoswe, ndipo kuwadumpha kumakambidwa kunyumba. Mwaonanso kuti "ngwee" ndi "mbuu" ndi awiri okha. Mawu otere amadzutsa anthu, koma akachuluka zolankhula zimasanduka sewero.

Mwambi sindinaikemo. Ngati mukuufuna, umodzi ukwanira, ndipo woyenera ndi "kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu", muuike musanayambe mafuno. Zoti banja ndi kupirira zisiyeni. Malangizo ali ndi eni ake ndi nthawi yake, ndipo pakati pa mawu achimwemwe zimamveka ngati mukulosera mavuto.

Ngati m'banja la alamu muli Asilamu kapena a mipingo yosiyana ndi wanu, "Mulungu" kapena "Namalenga" amalandirika kwa onse. Poyeserera, werengani mokweza katatu mutaima, foni ikuwerenga nthawi. Pamene lilime lakodwa, sinthani liwulo. Lembani pa kapepala kolimba ndi zilembo zazikulu, mafuno aliwonse pamzere wake, ndipo pakati pa mafunowo muzipuma pang'ono, chifukwa anthu adzafuna kuyankha "Ameni" pa lililonse.