Akabweza fomu okhawo amene asangalala

"Tinagawa mafomu 200 ofunsa ngati anthu akhutira, anabwerako 60, ndipo pafupifupi onse ndi oyamikira. Tiwakhulupirire?"

Musafulumire. Kugawa mafomu ena sikungathandize, chifukwa adzabwezenso ndi anthu amtundu womwewo. Pa anthu 140 amene sanayankhe, sankhani 30 mwa maere, muwalondole pafoni ndi mafunso atatu okha ofunika kwambiri. Maerewo ndiye nkhani. Mukangosankha osavuta kuwapeza, vuto labwerera.

Tinene kuti mwa 60 aja okhutira ndi 54, koma mwa 30 olondoledwawo ndi 15. Ndiye kuti pa 140 okhutira angakhale 70. Kuphatikiza ndi 54 akukwana 124 pa 200, kutanthauza 62 pa 100 alionse, osati 90 monga mmene mafomu 60 aja akuonetsera. Chiwerengerochi chimagwedezeka ndithu popeza 30 ndi ochepa, ndipo chimasokonekera ngati ambiri mwa iwo akananso kuyankha.