Opishoni ikusungunuka pomwe sheya sinasunthe

*Ndinagula opishoni ya Call pa sheya ya kampani ina ya ku America. Sheya inali pa madola 100, Strike 100, kutatsala masiku 30, ndipo ndinalipira madola 344. Lero kwatsala masiku 7, sheya idakali pa 100 pomwepo, koma opishoni yanga ili pa 166, ndipo sabata ino ikutsika kwambiri kuposa poyamba. Kodi buloka akundibera? Ndidikire kapena ndigulitse? Ndine wowerenga wanu wa ku Area 25.*

Achimwene, palibe wakuberani. Nambala zanuzo ndaziwerengera, ndipo zikugwirizana ndendende ndi mmene opishoni yotere imayendera. Ndalama yasowayo yapita ndi masiku, ndipo mu sabata yomalizayi ipita mwachangu kuposa mmene mwaonera kale.

Tiyambe ndi chimene munagula. Opishoni ya Call ndi ufulu wogula sheya pa mtengo wogwirizana kale, wotchedwa Strike, masiku ake asanathe. Pa tsiku logulalo opishoni yanu inalibe phindu lililonse logwirika, chifukwa ufulu wogula pa 100 chinthu chomwe pamsika chili pa 100 sukupatsani kanthu. Madola 344 onse aja anali mtengo wa mwayi, woti mwina m'masiku 30 sheya ikwera kupitirira 100. Zili ngati munthu wapereka chikole chosabwezedwa kwa mwini puloti ku Area 49 kuti amusungire pa mtengo womwe agwirizana mpaka kutha kwa mwezi. Mitengo ya mapuloti ikakwera mkati mwa mweziwo, waphula. Ikapanda kukwera, chikole chapita. Ndipo atafuna kugulitsa ufuluwo kwa wina kutatsala masiku awiri, palibe angamupatse ndalama yomwe iye anapereka, poti m'masiku awiri mtengo wa puloti ungasinthe bwanji?

Pa sikirini ya buloka wanu, kutha kwa mtengo wa mwayiku kumaonetsedwa pa mzere wolembedwa Theta. Ndi ndalama yomwe opishoni itaye pa sheya imodzi tsiku limodzi likadutsa, zina zonse zikakhala chimodzimodzi. Mukaona -0.12, muchulukitse ndi 100, chifukwa kontirakiti imodzi ya ku America imaimira masheya 100. Ndiye kuti mawa mudzuka mutachepekedwa madola 12.

Funso lenileni ndi loti bwanji ikuthamanga kumapeto. Ambiri amaganiza kuti madola 344 agawidwa mofanana pa masiku 30, madola 11 ndi kanthu tsiku lililonse, ngati lendi ya nyumba. Sizitero, ndipo chifukwa chake chili pa mmene mitengo imayendayendera.

Tengani kobiri, muime pakati pa bwalo la mpira. Mukaponya n'kugwa mbali ina, pitani phazi limodzi kutsogolo. Ikagwa mbali inayo, bwererani phazi limodzi. Mutaponya ka 100, simukhala mapazi 100 kuchoka pomwe munayambira, chifukwa opita ndi obwerera amafafanizana. Kawirikawiri mupezeka pa mtunda wa mapazi 10 kapena chapomwepo. Mutaponya ka 25, ndi mapazi 5. Mutaponya kanayi, mapazi awiri. Kamodzi kokha, phazi limodzi. Mtunda sukukula molingana ndi kuchuluka kwa maponyedwe, ukutsata nambala yomwe imatuluka mukadina chizindikiro cha √ pa kakyuleta.

Tsono yang'anani zomwezo chobwerera m'mbuyo. Munthu amene watsala ndi maponyedwe 100 mukamulanda limodzi, mtunda womwe angafike wachoka pa 10 kufika pa 9.95, sanamve n'komwe. Amene watsala ndi anayi mukamulanda limodzi, wachoka pa 2 kufika pa 1.73. Amene watsala ndi limodzi mukamulanda, mwamulanda zonse. Tsiku ndi lomwelo la maola 24, koma kulemera kwake kumadalira kuti kumbuyo kwake kwatsala angati. Mtengo wa sheya umayenda ngati munthu wa kobiriyu, ndipo opishoni yomwe Strike yake ili pafupi ndi mtengo wa sheya imagulitsidwa molingana ndi mtunda womwe sheyayo ingafike m'masiku otsalawo. Ganizo limeneli ndi lomwe lili pansi pa masamu a akatswiri a zachuma Black ndi Scholes a mu 1973, omwe mabuloka ambiri amadalirabe powerengera Theta.

Pali njira yachidule yomwe mungayesere pa foni, yogwira ntchito pokhapokha sheya ili pa Strike kapena pafupi kwambiri, ndipo siwerengera chiwongoladzanja:

```
mtengo ≈ 0.4 × sheya × IV × √(masiku ÷ 365)
```

IV ndi nambala ina ya pa sikirini, yoonetsa kuti msika ukuyembekezera kuti sheyayo igwedezeka motani pa chaka. Nambala zanu zikutuluka bwino IV ikakhala 30 peresenti, kutanthauza 0.30. Ikani masiku 30: mupeza 3.44 pa sheya, madola 344 pa kontirakiti. Ikani masiku 14, mupeza 235. Ikani 7, mupeza 166, yomwe mukuiona lero. Choncho m'masiku 23 mwataya 178, ndipo 166 yotsalayo iyenera kutha m'masiku 7 okha ngati sheya ikhalabe pa 100. Lamulo losavuta kukumbukira ndi ili: masiku akatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, mtengo umakhala utatsala theka. Milungu itatu imadya theka, mlungu womaliza umadya theka linalo wokha.

Pa tsiku lomwe munagula mumataya pafupifupi madola 6 pa tsiku. Lero mukutaya 12. Kukatsala masiku atatu opishoni idzakhala pa 109, mawa lake 89, kenako 63, ndipo tsiku lomaliza lidzanyamula 63 yonseyo. Mukafuna kudziwa Theta popanda kutsegula sikirini, gawani mtengo wa opishoni ndi masiku otsala kuwirikiza kawiri: 166 kugawa ndi 14 ndi pafupifupi 12.

Ndionjezepo chinthu chomwe anyamata ophunzitsa za malondawa m'magulu a pa foni amakonda kudumpha. Kuthamanga kwa kumapetoku si kwa opishoni iliyonse. Mukanagula ya Strike 110 pa sheya yomweyi, yotchipa ija imakopa anthu, mukanalipira pafupifupi madola 61 kutatsala masiku 30. Pofika masiku 14 ikanakhala pa 14, ndipo lero ikanakhala pafupifupi madola awiri. Imeneyo imafa msanga, pakatikati pa ulendo, chifukwa msika umaona kale kuti sheya singakwere madola 10 m'masiku ochepa otsalawo. Mu sabata yomaliza Theta yake imaoneka yaing'ono, koma n'chifukwa choti palibenso chotsala choti idye.

Mungadziwe bwanji kuti chakudyeraniyo ndi nthawi osati china? Yerekezani IV ya tsiku logula ndi ya lero. Ngati zikufanana ndipo sheya sinasunthe, ndi masiku basi. Ngati opishoni yagwa kwambiri usiku umodzi kuposa Theta yomwe inalembedwa dzulo lake, kawirikawiri ndi IV yomwe yatsika, ndipo izi zimachitika kwambiri kampani ikangolengeza zotsatira za malonda ake. Musadabwenso ndi Loweruka ndi Lamlungu. Msika umakhala wotseka koma masiku amawerengedwabe, ndipo ogulitsa akuluakulu amayamba kutsitsiratu mitengo Lachisanu lisanathe.

Mwina mwayamba kale kuganiza kuti ngati wogula amataya chonchi, bwanji osakhala wogulitsa n'kumatolera madola 12 tsiku lililonse. Ambiri amalowa pamenepo. Chomwe chimapangitsa Theta kukula ndi chomwechonso chimapangitsa opishoni ya masiku ochepa kulumpha kwambiri sheya ikangosuntha. Pa sikirini chimenecho ndi Gamma. Amene angagule opishoni yanu lero alipira 166, ndipo amene angalembe yatsopano yofanana nayo, kutanthauza kugulitsa opishoni yomwe sanaigule, alandira 166. Sheya ikatseka pa 106 tsiku lomaliza, wolembayo ali ndi ngongole ya madola 600, ndipo akachotsa 166 wataya 434. Ngati alibe masheya 100 aja m'manja, palibe malire a pomwe kutayako kungathere. Kwa munthu amene madola ake amawapeza movutikira ngati mmene zilili kuno kwathu, njira imeneyo sindingailimbikitse.

Nanga inu mutani ndi 166 yanu? Iwalani kaye 344, yapita ndipo msika suikumbuka. Dzifunseni kuti mukanakhala ndi madola 166 m'thumba lero, kodi mukanagula opishoni ya masiku 7 imeneyi? Kuti kudikira kukupindulireni kuposa kugulitsa lero, sheya iyenera kutseka pamwamba pa 101.66. Kuti mubweze zonse munalowetsa, iyenera kufika 103.44. Zingatheke, chifukwa sheya ya IV 30 imatha kusuntha madola anayi pa sabata, koma ikhoza kusunthira pansi chimodzimodzi, ndipo mwayi woti itseke pa 100 kapena pansi, inu n'kutsala opanda kanthu, ndi pafupifupi theka. Ngati muli ndi chifukwa chenicheni choyembekezera kukwera mkati mwa masiku 7 ano, dikirani mukudziwa mtengo wa tsiku lililonse. Ngati chifukwa chanu ndi chakuti kampaniyo ndi yabwino ndipo tsiku lina ikwera, ine ndikanagulitsa, chifukwa "tsiku lina" si la opishoni ya sabata imodzi.

Ulendo wina, ganizo lanu likakhala lofuna nthawi, gulani nthawi yokwanira n'kutuluka msanga. Opishoni yomweyi ya masiku 90 ikanakhala pa madola 596. Mutaisunga masiku 60 n'kuigulitsa kutatsala 30, sheya isanasunthe, mukanataya 252, omwe ndi madola anayi ndi masenti pang'ono pa tsiku. Mwezi womaliza wokha umadya 344, kupitirira madola 11 pa tsiku. Kuipa kwake n'koti ndalama yomwe mwaika pachiswe ndi yochuluka, ndipo sheya ikagwa kwambiri 596 imeneyo imapwetekeka yonse.

Mukasankha kugulitsa, musachite msika ukangotsegulidwa, pomwe mpata wa pakati pa Bid, mtengo womwe ogula akupereka, ndi Ask, mtengo womwe ogulitsa akufuna, umakhala waukulu. Msika wa ku New York umatsegulidwa 3:30 masana nthawi ya kuno kuyambira pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo 4:30 m'miyezi inayo. Dikirani kamphindi, muike oda ya Limit, yomwe mumatchula nokha mtengo wogulitsira, pa mtengo wa pakati pa Bid ndi Ask. Mukasankha kudikira, musaisiye mpaka belu lomaliza. Ku America opishoni ikatha sheya ili pamwamba pa Strike ngakhale ndi senti imodzi, imasandutsidwa masheya popanda kukufunsani, ndipo kwa inu kumeneko ndi kugula masheya 100 pa madola 10,000. Ngati mu akaunti mulibe ndalama imeneyo, buloka akhoza kuigulitsa yekha maola omaliza pa mtengo uliwonse womwe waupeza. Werengani lamulo la buloka wanu pa nkhaniyi lero, ndipo tsiku lomalizalo muigulitse nokha msika usanatsekedwe 10 koloko kapena 11 koloko usiku nthawi ya kuno.