Anyezi sangakuuzeni kuti bowa ndi wakupha

"Apongozi anga akuti bowa ukaukayikira ungoponyamo anyezi kapena sipuni mumphika, zikapanda kuda ndiye kuti ndi ndiwo. Ine ndakulira ku Moatize, za bowa sindizidziwa, pano ndakwatiwa ku Ulongwe. Zoona zimenezi?"

Achemwali, ayi ndithu, ndipo funso lanuli landikwiyitsa, osati kukwiyira inu kapena apongoziwo koma nkhani ya anyeziyo.

Kwathu ku Tsangano tinali ndi aneba, mayi wodziwa kuphika kwabasi. Mvula yoyamba itagwa mwana wawo anabwera ndi bowa wodzadza beseni, wautali woyera ngati utale, akuti wauzula pamsipu pomwe pamadya ng'ombe. Mayiwo anakayika pang'ono, nkuponyamo anyezi, anyezi osada, basi nsima inatsika bwinobwino. Asanagone nkomwe nyumba yonse kusanza, kutsekula m'mimba, wamng'ono mpaka kulephera kuima, usiku umenewo tinavutika kusaka njinga yamoto. M'mawa titaona wotsala mubeseni, kunsi kwa kachipewa kunali kutayamba kubiriwira. Umenewo ndi Chlorophyllum molybdites, umakhala ndi kamphete pathunthu ndipo ukazula umathera pompo. Utale weniweni umamera pomwe pansi pali chiswe, muzu wake ndi wautali wolowa pansi kwambiri. Mwanayo anangothyola osakumba ndiye chizindikirocho chinatsala kutchire.

Iwowo anachira, chifukwa bowa umenewu nthawi zambiri umazunza m'mimba osapha. Umene ndimauopa ine ndi wa mtundu wa ndelema.

Ndelema timaukonda tonse, koma uli m'banja limodzi ndi Amanita phalloides, bowa amene wapha anthu ambiri padziko kuposa wina aliyense. Onse awiri kunsi ndi oyera, ali ndi kamphete, ndipo amatuluka m'kathumba konga dzira kumunsi. Ndelema umamera pansi pa mitengo yachilengedwe monga mombo, pamwamba ndi woyera pakati podera, m'mphepete muli timizere. Winayo amatsata mitengo yobwera monga paini, amakonda kubiriwira mwachikasu, m'mphepete mosalala, koma nthawi zina amayereratu. Nchifukwa chake zootcha makalazi zimandinyansa, nkhalango zatha anthu akukatola bowa m'mitengo yodzala imene agogo athu sanaphunziremo bowa. Agogowo sankadalira sipuni, ankadziwa bowa uliwonse ndi dzina lake ndi malo ake, wosadziwika ankangouponda nkudutsa.

Poizoni wa bowa wakuphayu alibe ntchito ndi anyezi kapena chitsulo, sasintha mtundu wa chilichonse mumphika. Kuwiritsa nkutaya madzi sikumutha, kufutsa nkuyanika sikumutha, mchere ngakhale chidulo chimodzimodzi. Zoti mphutsi kapena nkhono zikamadya ndiye kuti ndi wabwino, bodza, zimamudya wakuphayo osafa, matupi athu ndi osiyana. Kulawa nakonso ayi, sawawa. Ena amati patsani kaye galu. Galuyo adya masana, madzulo akugwedezabe mchira, inu nkudya, pomwe poizoniyu amayamba kuoneka pakapita maola 6 mpaka 24. Kenako kusanza ndi kutsekula koopsa, tsiku lotsatira munthu amapezako bwino mpaka kunena kuti ndachira, pamenepo nkuti chiwindi chikuwonongeka, pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi maso achita chikasu. Theka la kachipewa kamodzi litha kupha munthu wamkulu, ndiye taganizani kamodzi kokha kalowa m'mulu wa ndelema wabwinobwino.

Ndiye mutani?

Wa pamsika wodulidwa kumunsi, wosakaniza mitundu kapena wosatambasuka, musagule olo atsitse mametikali. Kutchire pitani ndi munthu amene wakhala akudya bowa wa malo omwewo zaka zambiri, muyambe ndi wosavuta ngati manyame, muzikumba wonse ndi muzu womwe. Wofanana ndi utale ikani kachipewa kake papepala loyera, vindikirani ndi kapu usiku wonse, ufa ukatsika wobiriwira tayani. Koma ufa woyera sichilolezo, wakupha uja naye ufa wake ndi woyera, komanso wosakhwima mwina sutsitsa ufa nkomwe. Wina akadwala atadya bowa, makamaka patapita maola 6, onse amene anadya nawo apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, mutenge bowa wotsala kapena zodulidwa zija, mukanene nthawi imene munadya. Mkaka sungathandize.

Apongoziwo musakakangane nawo za anyezi, ingowapemphani akutengeni kutchire akakuuzeni dzina la bowa uliwonse, umene adzalephere kuutchula dzina usalowe mudengu.