Sofa yogonapo m'chipinda chimodzi

"Ndapeza kachipinda ka mamita 3 kwa 3 ku Area 25, ndigule sofa yotambasula ija m'malo mwa bedi?"

Achimwene, musanapereke ndalama yezani kaye pansi ndi tepi. Matiresi a dabulo amakhala pafupifupi masentimita 137 m'lifupi ndi 190 m'litali, ndiye jambulani malo amenewo ndi choko pa simenti muone ngati chitseko chikutseguka bwinobwino komanso patsala masentimita 60 odutsapo. Ine ndinagula osayeza, usiku uliwonse ndimayamba ndatulutsa tebulo pakhonde kuti sofayo itambasuke, nyengo ya mvula zinali zowawa zedi. Kwa kalipentala kagonenipo ndithu osachita manyazi, mukamva thabwa kapena chitsulo chapakati pamsana ndiye kuti siponji ndi yopyapyala, yogonapo tsiku lililonse isachepere masentimita 12.