Wabukitsa koma osabwera, nkhani ya dipoziti pa saluni

"Achemwali, ndili ndi saluni ku Chibavi. Anthu amabukitsa za Loweruka koma osabwera, foni osayankha. Ndikanena za dipoziti ndikuopa andithawa. Nditani?"

Mwandikhudza pachilonda achemwali. Loweruka lina mayi wina anabukitsa zoluka zing'onozing'ono zija zofika m'chiuno, ntchito ya maola 6 atsikana awiri. Ndinakagula meshi mapaketi 4 ku msika wa Taifa, wofiirira amene anasankha okha, woti samayenda malonda. 7 koloko tatsegula, 8 koloko, 9 koloko, foni ikungoitana. Ndinali nditabweza kale anthu atatu opita ku ukwati, ndipo atsikana anga amalandira pamutu umene aluka, ndiye anangokhala pabenchi manja lende, wina wakwera kabaza kuchokera ku Mchengautuba. Masana meseji ikubwera, "pepani asisi kunali mvula." Zinandiwawa. Ku Mzuzu kuno mvula imawaza ngakhale mu Juni, tikamaima chifukwa cha mvula tidya chani? Ndipo ochita izi ambiri si alendo ayi, ndi odziwana nawo, anzathu akutchalitchi, achibale, poti amadziwa kuti sutha kuwakalipira.

Ndiye ine ndinasiya manyazi. Wothawa chifukwa cha dipoziti ndi yemweyo amene sakanabwera, musiyeni apite.

Mmene ndimachitira pano

Mutu wa K30,000 dipoziti ndi K10,000, ndipo isachepere mtengo wa meshi. Atumize pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina limalowa m'buku meseji ya ndalama ikafika pa foni yanga, osati chithunzi chimene wanditumizira pa WhatsApp, zabodza zilipo. Akanena kudakali tsiku lathunthu kuti walephera, ndalamayo imasamukira tsiku lina. Akangosowa, yapita, ndipo izi ndimamuuza asanalipire. Maliro ndi matenda ndimamvetsa, ndife anthu. Zochapa ndi zoumitsa tsitsi sindiitanitsa dipoziti, ntchito ya ola limodzi imapeza mwini wake yokha.

Kukumbutsa ndimachita Lachinayi, meseji yofuna yankho: "Loweruka 7 koloko, meshi wofiirira, yankhani EYA." Akapanda kuyankha pofika Lachisanu masana ndimaimba, mwina bandulo yangomuthera. Foni osayankhanso, ndimatsegula kumapeto kwa buku, kumene ndimalemba onse amene ndinawabweza, dzina, sitayilo ndi kumene amakhala. Tsiku lenilenilo munthu akachedwa ndi mphindi 30 ndimayamba kuimbira wapafupi, kwa inu wa ku Chibavi komweko kapena Chibanja, wa ku Luwinga pomwe azipeza galimoto ola latha. Ndipo mpata wa maola awiri musaikepo mutu wa maola 6, mukhumudwitsa wobwera 2 koloko amene analipira kale dipoziti yake.