Linki ya fomu yathu sikutseguka kwa anzanga

"Ndaika linki ya fomu ya banki nkhonde pa gulu lathu la ku Chibavi. Kwa ine ikutseguka, anzanga akuti mulibe kanthu. Ndalakwitsa pati?"

Amayi, fomuyo sinafufutike. Kwa inu ikutseguka chifukwa foni yanu yalowa kale ndi akaunti ya mwini wake. Fomu yosungidwa pa Google Drive imayamba ndi Restricted, kutanthauza kuti okhawo amene mwawaika ndi imelo ndiwo angaione. Tsegulani fomuyo, dinani Share, pa General access sankhani Anyone with the link. Musiye pa Viewer. Editor ayi, wina angasinthe manambala a ngongole, mudzakangana pachabe. Kenako yesani linkiyo pa foni ya mnzanu. Ikamufunsabe Request access, ndiye kuti simunasinthe.