Kuwerenga makabo ndi GI pa mayeso a CDCES, yankho kwa achemwali amene anandilembera

"Moni achemwali. Ine ndinaphunzira zakadyedwe kumudzi kuno ku Malawi koma pano ndikugwira ntchito ku Amereka ndipo ndikukonzekera mayeso a CDCES, a anthu ophunzitsa ndi kusamalira odwala matenda a shuga. Zinazi ndikukhoza bwinobwino koma ndikafika pa mafunso owerengera kabohaidireti ndi a GI ndikumangogwa, nthawi zina ndimaona ngati mayankho awiri onse ndi olondola. Kodi chakudya chikakhala cha GI yotsika ndichepetse insulini? Nanga faiba ija ndichotsere kapena ayi? Chonde ndithandizeni."

Zikomo achemwali polemba. Ndiyambire pa insulini pomwepo chifukwa ndi pamene anthu ambiri amataya mamalikisi: ayi, GI silowa mu masamu a insulini. Mlingo wa insulini ya pachakudya umachokera pa magalamu a kabohaidireti, amene timangoti makabo, amene ali m'mbalemo basi, GI, kapena kuti glycemic index, ndi nambala ya chakudya imene imangokuuzani kuti shuga wa m'magazi akwera mothamanga kapena mwapang'onopang'ono. Mukagwira chimenechi theka la mafunso amene akukuzunguzaniwo muona kuti ayamba kumasuka okha.

Ndiye tiyambe ndi magalamuwo. Ku Amereka gawo limodzi la makabo ndi magalamu 15, ndipo mayeso anuwo amayendera imeneyo. Ndikunena izi dala chifukwa ngati munawerengako mabuku a ku Britain, kumeneko gawo limodzi ndi magalamu 10, ndiye mukasakaniza ziwirizi yankho lanu lipezeka ndithu pa mayankho anayi aja koma likhala lolakwika, olemba mafunso amadziwa bwino pamene anthu amaterereka. Pali zakudya zochepa zimene muyenera kungozisunga m'mutu osadikira kuti akupatseni: silayisi imodzi ya buledi ndi 15, theka la kapu ya nyemba zophika ndi 15, apozi mmodzi wamng'ono ndi 15, theka la kapu ya juwisi ndi 15, kapu ya mkaka ndi 12 koma amaiwerenga ngati gawo limodzi. Mpunga ndi umene umapusitsa, chifukwa 15 yake imakwana pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kapu, osati theka, kutanthauza kuti kapu yodzadza ya mpunga wophika ndi magalamu 45. Nyama, nsomba, mazira ndi mafuta ophikira ndi ziro, pokhapokha ngati zapakidwa ufa kapena zili mu msuzi wotsekemera.

Tsopano tiyeni tichite funso limodzi lonse mpaka kumapeto, la mtundu umene mukumane nawo. Bambo wina wa shuga ya mtundu woyamba amabaya mayunitsi 50 onse pamodzi pa tsiku. Asanadye nkhomaliro wayeza wapeza 192 mg/dL, pamene iye amafuna azikhala pa 120. M'mbale muli kapu imodzi ya mpunga, theka la kapu ya nyemba ndi nkhuku yowotcha. Abaye mayunitsi angati a insulini yogwira msanga?

Poyamba mupeze kuti yuniti imodzi imakwanira magalamu angati, ndipo lamulo lake ndi 500 ÷ mayunitsi a tsiku lonse, ndiye 500 ÷ 50 = 10, yuniti imodzi pa magalamu 10 aliwonse. Kenako muwerenge mbale ija: mpunga 45, nyemba 15, nkhuku palibe, zonse 60. Apa 60 ÷ 10 = 6, mayunitsi 6 a chakudya. Koma musathamangire kusankha 6, bamboyu wafika patebulo shuga ali kale pamwamba ndiye pakufunika yowongolera. Lamulo lake ndi 1800 ÷ mayunitsi a tsiku lonse, 1800 ÷ 50 = 36, kutanthauza kuti yuniti imodzi imatsitsa shuga wake ndi 36 mg/dL. Wapitirira ndi 192 − 120 = 72, ndipo 72 ÷ 36 = 2. Mukaphatikiza 6 ndi 2 yankho ndi mayunitsi 8.

Taonani tsono mayankho olakwika mmene amawakonzera. 6 ndi wa munthu amene waiwala yowongolera. 4 ndi wa amene wawerenga magawo anayi a makabo nkuganiza kuti gawo lililonse ndi yuniti imodzi. Ndipo amene waika mpunga pa theka la kapu apeza magalamu 30 m'malo mwa 45, mbale yonse 45, ndiye atuluka ndi 6.5 kapena asankha choyandikira. Ine ndikamaphunzitsa anzanga ndimawauza kuti akalakwa funso asangoona yankho lolondola nkupitirira, abwerere aone kuti nambala yawo yolakwikayo inabadwira pati, chifukwa malo otererawo amakhala omwewomwewo. Chinanso, ife tinazolowera mmol/L kwathu, ndiye kumbukirani kuti 1800 ija ndi ya mg/dL, mukakhala pa mmol/L lamulo ndi 100, ndipo kusintha pakati pa ziwirizi mumagawa kapena kuchulukitsa ndi 18. Komanso funso likakupatsani kale mlingo wa munthuyo, mwachitsanzo yuniti imodzi pa magalamu 12, gwiritsani womwewo, 500 ija ndi yongoyambira pamene munthu alibe mlingo wake.

Za faiba, apa ndikumvetsa chifukwa chake mwasokonezeka, mabukuwo samagwirizana. Akale ena amati faiba ikapitirira magalamu 5 muchotse theka, ena amati muchotse yonse. Bungwe la American Diabetes Association limalangiza kuyendera nambala ya Total Carbohydrate imene ili pa lebulo, ndiye funso likangoti wadya makabo angati osatchulapo zochotsera, tengani yonseyo mmene ilili. Muchotsere pokhapokha funsolo lakulozerani komweko, ndipo kawirikawiri zimakhala pa zotsekemeretsa zija monga sobitolo ndi zayilitolo, pamene chiphunzitso chofala ndi chakuti zikapitirira magalamu 5 muchotse theka lake chifukwa thupi silimwa zonse.

Pa lebulo pomwepo pali misampha ina iwiri imene imagwira anthu kuposa faiba. Tinene paketi ya mabisiketi yalemba Serving size 30 g, Total Carbohydrate 22 g, pansi pake faiba 3 ndi shuga 8. Nambala 30 ija ndi kulemera kwa mabisiketiwo pa sikelo, si makabo ayi, koma maso akatopa amangogwira nambala yoyamba imene ili ndi g. Ndipo shuga 8 uja ali kale mkati mwa 22, simuwonjezeranso. Ndiye funso likati mayi wina wadya ma serving awiri a pa paketiyo, ndi 22 × 2 = 44, pafupifupi magawo atatu a makabo. Ndinaonapo mnzanga wodziwa ntchito kwambiri atapeza 60 pa funso ngati limeneli kawiri konse m'njira ziwiri zosiyana, koyamba anachulukitsa 30, kachiwiri anaphatikiza 22 ndi 8 nkuchulukitsa, ndipo zinamuwawa chifukwa masamuwo amawadziwa, vuto linali kuwerenga mothamanga.

Tibwere ku GI. Anayambitsa ndi David Jenkins ndi anzake ku yunivesite ya Toronto mu 1981, ndipo mukadziwa mmene amaiyezera mafunso ake amaphweka. Amapatsa anthu chakudya chokhala ndi magalamu 50 a kabohaidireti, nkumawayeza shuga kwa maola awiri, kenako amafanizira ndi mmene shuga anakwerera atamwa magalamu 50 a gulukosi, amene amapatsidwa 100. Kuyambira 55 kutsika ndi yotsika, 56 mpaka 69 yapakati, 70 kukwera ndi yokwera. Malire amenewa muwaloweze chifukwa amakonda kufunsa nambala ya pamphepete ngati 55 kapena 70. Ndipo popeza muyeso wake umafuna kabohaidireti, nyama ndi mazira zilibe GI nkomwe.

Koma taganizani, ndani amadya chivwende chokwana magalamu 50 a kabohaidireti nthawi imodzi? Chivwende ndi madzi okhaokha pafupifupi, kuti mufike pa 50 mukufunika kudya chachikulu ndithu. Apa ndi pamene pamabwera GL, kapena kuti glycemic load, imene imaganizira kuchuluka kwa chimene munthu wadyadi:

GL = GI × magalamu a kabohaidireti ÷ 100

Chivwende GI yake ili cha m'ma 72, yokwera, koma kachidutswa ka magalamu 120 kali ndi kabohaidireti wokwana pafupifupi 6 basi, ndiye 72 × 6 ÷ 100 ndi 4 ndi kanthu. Mpunga woyera GI yake ili cha m'ma 73, pafupifupi chimodzimodzi, koma kapu ija ili ndi 45, ndiye 73 × 45 ÷ 100 ndi pafupifupi 33. Pa GL, 10 kutsika ndi yotsika, 11 mpaka 19 yapakati, 20 kukwera ndi yokwera. Mwaona eti, GI yofanana koma china chili pa 4 china pa 33. Ndiye funso likabwera loti wodwala wasiya kudya chivwende chifukwa anawerenga kuti GI yake ndi yokwera, yankho labwino si kumuyamikira, ndi kumuphunzitsa za kukula kwa gawo.

Mbali inayo ndi imene imandikhudza kwambiri ine chifukwa ndimaiona kwa odwala enieni. Mafuta amachedwetsa chakudya kutuluka m'chifu, ndiye chokoleti ndi ayisikilimu zimapezeka ndi GI yotsika kuposa mbatata ya kachewere yowotcha, ndipo munthu akangomva kuti yotsika amaganiza kuti ndi yabwino adye mmene angafunire. Mayeso amakonda kuyesa ngati inu mukudziwa kuti GI yotsika sikutanthauza chakudya chopatsa thanzi kapena chopanda makabo. GI imasinthanso, nthochi ikapsa kwambiri imakwera, pasita akaphikidwa mpaka kufeweratu amakwera, chakudya chikapeledwa kwambiri chimakwera, ndipo mukadya ndi ndiwo zamasamba, nyemba kapena mafuta nambala ya pa tebulo ija sikhalanso yomweyo. Ndi nkhani yomwe ija timakambirana kwathu ya mgaiwa ndi ufa woyera, mgaiwa uli ndi faiba yambiri inde ndipo ndi wabwinopo, koma mitanda itatu ya mgaiwa ndi makabo ambiribe ndipo shuga akwera ndithu.

Pamene GI imagwiradi ntchito ndi pa nthawi. Wina akadya pitsa, shuga amatha kuoneka bwino pakatha maola awiri kenako nkukwera usiku chifukwa cha mafuta aja, ndiye kwa amene ali pa pampu ya insulini yankho limakhala kugawa insulini kuti ina ilowe pang'onopang'ono, osati kuichepetsa. Ndipo pa shuga wotsika ndi pamene mumafuna chothamanga dala: akatsika pansi pa 70 mg/dL, munthu ali maso ndipo akutha kumeza, mupatseni magalamu 15 monga theka la kapu ya juwisi kapena mapiritsi a gulukosi, muyezenso pakatha mphindi 15, ngati akadali pansi mubwereze. Pa mayankhopo mupezapo chokoleti kapena buledi wopaka chiponde, musasankhe zimenezo achemwali, mafuta ake achedwetsa shuga kufika m'magazi pamene munthuyo akunjenjemera.